Dipoziti ya Telala

Mayi Landilodi, monga ankawatchulira anthu, moyo wawo wonse ankadalira tizipinda tiwiri ta lendi. Telala wina polowa analipiriratu miyezi itatu, n'kuperekanso dipoziti yoti adzabwezeredwe potuluka ngati sanawononge kanthu. Ndalama za lendi mayiwo ankatapako mwezi ukakwana, koma dipoziti anaisokerera m'pilo.

Amuna awo atadwala impso, za lendi zonse zinathera kuchipatala, ndi za miyezi yosafika yomwe.

"Tang'ambani piloyo, amayi," mwana wawo wamkazi anachonderera.

"Si zathu zimenezo. Munthuyo sanaswe kanthu."

Amuna awo aja anamwalira. Telala anakhala miyezi yakeyo, mayiwo osalandiranso kalikonse, kenako anasamuka. Chipinda anachisiya chili bwinobwino. Mayiwo anang'amba pilo ija n'kumubwezera zonse.

Telalayo ananyambita chala, n'kuziwerenga kawiri mayiwo akuona.