Mphindi Khumi za Kilomita Yoyenda

Chaka chimene fodya wathu anapsa ndi dzuwa kwa Mlonyeni, esiteti ina inalengeza kuti ikufuna alonda, ndi akazi omwe. Mayeso ake anali amodzi: kuthamanga makilomita khumi mphindi 70 zisanathe. Ine ndi mwana wanga tinali titatopa ndi kudyera kwa achibale, ndiye ntchitoyo ndinkaifuna koopsa.

Vuto linali mpweya. Ndikathamanga kilomita imodzi, chifuwa chinkatentha. Ndinadziyesa ndi foni pa zikwangwani za makilomita za mumsewu wa tala: kilomita yothamanga mphindi zisanu, yoyenda mphindi khumi. Ndiye kuti pothamanga makilomita 12 pa ola, poyenda 6. Ndinaphatikiza n'kugawa pawiri, ndinapeza 9. Ndinati basi, ndizithamanga imodzi, kuyenda imodzi, ndikafika mphindi zitatu zikadalipo. Mtunda wonse sindinauyesepo, kudimba kunali ntchito.

Amalume anga, amene amayendetsa thiraki yodutsa pa boda, atamva anapukusa mutu.

"Iwe, liwiro saligawa ngati mbatata. Tenga mtunda wonse, ugawe ndi nthawi yonse. Makilomita awiri akudyera mphindi 15. Pa ola ndi makilomita 8, osati 9."

"Amalume, masamu ndinakhoza ine."

"Unakhoza, koma kuyendako kukutenga nthawi yowirikiza kawiri. Uzisinthana ndi mphindi, osati ndi zikwangwani. Zisanu kuthamanga, zisanu kuyenda. Apo ndiye 9 wakoyo akwana."

Ndinapsa mtima. Munthu wokhalira kuponda mafuta andiuze za miyendo yanga? Ndinangoti zikomo, mumtima ndikuti zanu izo.

Tsiku la mayeso mafoni anatilanda poyambira. Ndinachita monga ndinakonzera, anzanga akamandipitirira ine osatekeseka. Nditangofika pa kilomita ya 8, bambo wa wotchi amene ankatitsatira pa njinga yamoto anakuwa: "Ola lakwana!"

Mayo ine! Ola, makilomita 8. Mawu a amalume aja ndendende. Panatsala makilomita awiri ndi mphindi khumi, ndiye kuti kuthamanga onse awiri osapuma, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.

Ndinathamanga ndikulira. Ya 9 ndinaimaliza. Kenako m'nthiti munandibaya, m'kamwa mukumveka magazi, miyendo ikukana. Ndinapempha Mulungu mokweza, ndinadzitukwana, ndinatchula dzina la mwana wanga. Ndinayenda pang'ono, mapazi makumi angapo chabe, kuti ndikoke mpweya, n'kuyambanso. Chingwe cha pomalizira ndinkachiona, ngakhale nkhope za olemba maina ndinkaziona, pamene wezulo inalira.

Ndinagwada pamaso pa mayi amene anali ndi kope. "Chonde amayi, ndinali pompano." Anandipatsa madzi, koma dzina sanalembe.

Amalume anali ataima pansi pa mtengo wa mango ndi mwana wanga. Mwana ndiye anandithamangira n'kundigwira chitenje chimene ndinali kudzipukutira.

"Amama, yunifolomu akupatsani liti?"