Chigaza cha Njovu M'munda mwa a Saulos

A Saulos anabwera kuno ku Chikwawa ali kumbuyo kwa mayi awo, pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Anakula akudula nzimbe, msana utakana anakalima mapira m'mphepete mwa mpanda wa nkhalango ya nyama. Munthu wake anali wamkamwa mowawa ngati tsabola. Koma chimene ankadana nacho koposa anthu ndi njovu. Zaka ziwiri zotsatizana zinathyola mpanda popita kumtsinje, n'kuwadyera mbewu.

Chaka chachitatu akazi awo, a Rosa, ananena mosapsatira: "Bambo, mapira awa akapitanso, ine ndi ana tikupita kwathu ku Marka. Sindingadyetse ana nyika zokumba m'dambo chaka ndi chaka ngati ndilibe abale."

Ndiye mapira chaka chimenecho anachita kuwerama ndi kulemera. A Saulos tulo tinatha.

Kuseri kwa mtsinje kunali mafupa a njovu imene inafa itatuluka mumpanda. Minyanga anatenga a zanyama, chigaza n'kutsala. A Saulos anaganiza: kodi si paja khwangwala ukamupachika m'munda anzake safikamo? Anabwereka ngolo ya ng'ombe, anatuta chigazacho, n'kuchikhazika pakati penipeni pa mapira.

"Zione mutu wa mnzawo, zidziwe kuti muno muli mwamuna!"

Mlamu wawo Hilario, mchimwene wa a Rosa, ankagwira ntchito yokonza mpanda uja. Awiriwa sankamwerana madzi. Kwa a Saulos, aliyense wodya ndalama za njovu anali njovu yemwe. Hilario atamva, anabwera panjinga thukuta lili kamukamu.

"Alamu, chotsani chinthu ichi lero lomwe. Njovu si khwangwala. Ikapeza mafupa a njovu inzake sithawa, imaima. Imanunkhiza chigaza, kuchisisita ndi chitamba. Mafupa a njati imangowadutsa, koma a mtundu wake, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, imachedwa nawo."

"Iyaa! Ndiye izilira maliro?"

"Za mumtima mwake sindinalowemo. Chimene ndikudziwa n'chakuti njovu zimakhala pamodzi moyo wonse, zimadziwana ndi fungo komanso kukhudzana. Zikapeza inzawo yakufa zimafuna kudziwa kuti ndani, chinachitika n'chiyani. Ndaziona ndi maso angawa."

"Nkhabe! Mwabwera kudzateteza mabwana anu. Tulukani m'munda mwanga, alamu, ndisanakuchiteni chipongwe."

Hilario analavula malovu pansi n'kukwera njinga. Kunena zoona nayenso anali ndi mwano, chifukwa pochoka anakuwa kuti mlongo wake anakwatiwa ndi chitsa.

Panapita sabata. Tsiku lina dzuwa likupendeka, mtengo unagwera mpanda, ndipo njovu zisanu ndi imodzi zinatuluka. Zinatenga njira yawo ya kumtsinje, imene imalambalala munda wa a Saulos. Iwo anali pachulu ndi chitini chawo choopsezera njovu. Zinatsala pang'ono kudutsa. Kenaka yaikazi yaikulu, yotsogolera, inaima n'kukweza chitamba m'mwamba. Inatembenuka, n'kulowa m'mapira, zinzake zili pambuyo.

Mayo ine! A Saulos anamenya chitini mpaka chinapindika. Anatukwana m'Chisena, anatukwana m'Chimang'anja. Njovu sizinawayang'ane n'komwe. Zinazungulira chigaza chija zili zii. Yaikuluyo inayendetsa nsonga ya chitamba pamphumi, n'kuilowetsa m'mabowo momwe munali minyanga. Ina inatembenuka, n'kuchigwedeza pang'onopang'ono ndi phazi lakumbuyo, ngati mayi akusuntha mphika wosauma bwino. Kamwana kanakankhidwira kutsogolo, nako kananunkhiza.

Apa a Saulos analira ndi ukali. Chimene chinawapweteka si mapesi amene ankathyoka, koma ulemu umenewo. Mapazi omwewo amene ankaopa kuswa fupa louma ndi amene ankapondereza chakudya cha ana awo.

"Afiti inu! Wakufa mukumusisita, ine wamoyo mukundipha!"

Zinaima pamenepo nthawi yaitali, iyi ikachoka iyo n'kubwera. Zitatha, poti zinali kale m'kati mwa chakudya, zinayamba kudya. Pamene a zanyama ankafika kudzazibweza, munda unali ngati bwalo la mpira.

M'mawa mwake a Saulos anatenga nkhwangwa kukaswa chigazacho. Anatema kamodzi, nkhwangwa inalowa m'timabowo ta m'kati mwa fupa ngati ta chisa cha njuchi, n'kukanirira. Ali mkati molimbana nayo, anamva belu la njinga kumsewu. Anali Hilario, atanyamula mtolo wa zovala ndi ana awiri. A Rosa ankayenda pambuyo, mwana wamng'ono ali kumsana.

"Rosa! Kodi osatsanzika?"

A Rosa anaima, anayang'ana munda, kenaka amuna awo.

"Anakuuzani achimwene, inu munawathamangitsa ngati galu. Tsalani nacho chigaza chanucho, bambo. Chili ndi ochizonda ambiri kuposa inu."