Kope la Mafilimu la a Esitele

Mvula ya Januwale ikatsekereza anthu m'khonde la golosale ku Kachebere, nkhani imakhala ya mafilimu. Mayi Esitele ankamva maina okoma, koma pofika kwa Saidu, wolowetsa mafilimu m'foni, onse anali atawathawa.

Choncho anagula kope. Ankalembamo dzina, amene wawauza, ndi chifukwa chake. Yomwe aonera ankaidula mzere.

Tsiku lina Saidu anawerenga kopelo n'kuseka. “Amayi, ‘Ya mkazi wa basi uja’ si dzina la filimu!”

“Werenga pambalipo. Anandiuza ndani?”

“A Kwacha, osintha ndalama kuboda.”

“Ndiye aimbire, mwanawe. Ndakhala ndikuifuna chidzalire chimanga.”

Saidu atawaimbira foni, a Kwacha anatchula dzina lenileni. Mayi Esitele anafufuta lakalelo, n'kulemba latsopano bwinobwino.