Malamulo a Komiti Yokonza Denga

A Mlembi adakalambira pa desiki ya pakona, kulemba zokambirana za misonkhano ya anthu ena. Atapuma ntchito, cholembera sanapume nacho. Anthu a m'fulati yawo yansanjika anawasankha kukhala mlembi wa komiti yayikulu ya eni nyumba, poti panalibenso wina wofuna chintchitocho. Iwo ankakhala pamwamba penipeni, ndipo kudenga, pamutu pa bedi lawo, kunali banga lofiirira limene akazi awo ankaliloza m'mawa uliwonse.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankawawawa mumtima: alamu awo, mchimwene wa akaziwo, mmisiri wa mipope wokhala pansi m'fulati momwemo. Bamboyo ankangoti akagwira sipanala, anthu n'kumuombera m'manja. A Mlembi, ndi ziganizo zawo zosalala, palibe anawathokozapo. Nsanje inalipo, tisabise.

Tsono msonkhano wapachaka wa eni nyumba unagwirizana zokhazikitsa komiti yoona zokonza nyumbayo, yosatha, osati zija zongobadwa mpope ukaphulika. Anapempha a Mlembi kuti alembe malamulo ake. Pamasitepe anthu ankanong'ona kale kuti wapampando adzakhala alamuwo.

"Chabwino, akhale," anatero a Mlembi, akunola pensulo patebulo lodyera. "Koma mpandowo ndiukhoma ndine."

Anaukhomadi. Mamembala asanu, osankhidwa ndi msonkhano wapachaka, ndipo popanda anayi palibe zokambirana. Mphamvu zawo: kuyendera nyumba ndi kupereka maganizo, basi. Kulemba ntchito mmisiri ayi, kugula ngakhale msomali ayi. Kukumana kamodzi pa miyezi itatu. Lipoti lawo lipite ku komiti yayikulu, lolembedwa, kudzera kwa mlembi. Ndipo malamulowa angasinthidwe ndi msonkhano wapachaka wokha.

"Bambo, bangali likukula," anatero akazi awo, akuchotsa mbale pakati pa mapepala.

"Mayi, ndili pa ntchito yaikulu."

Tsiku lowerenga malamulowo, eni nyumba anasonkhananso pabwalo loimikapo galimoto, aliyense ndi mpando wake. A Mlembi anawerenga mokweza, jekete itamangidwa mabatani onse. Alamu anakweza dzanja.

"Pepani alamu, nanga chikagwa chadzidzidzi? Bwanji tiikepo zoti wapampando aziitanitsa msonkhano nthawi yomweyo, komiti n'kukonza kaye, lipoti pambuyo?"

"Alamu," anayankha a Mlembi akumwetulira, "komiti si mpope woti aliyense azingotsegula."

Anthu anaseka, n'kuvomereza malamulowo osasintha kanthu. A Mlembi anakwera masitepe tsiku limenelo ngati mnyamata.

Komiti inakumana koyamba kunja kuli ng'aa, alamu ali pampando, inayendera denga, n'kulemba kuti likonzedwe msanga. Lipotilo linafika kwa a Mlembi. Iwo, poona siginecha ya alamu, analiika pansi pa mapepala ena kuti liyambe laphunzira ulemu. Komiti yayikulu inakumana osaliona.

Kenako mvula inabwera. Koma inu! Banga lija linatseguka, madzi n'kumagwera pabedi penipeni. Anatchera beseni, kenako ndowa, kenako mapoto onse. Akazi awo anayamba kutsokomola. A Mlembi anachita mantha zenizeni, anatsika masitepe atavala patapata, n'kugogoda kwa alamu.

"Alamu, itanitsani komiti lero."

"Ndingakonde," anatero alamu, ndipo sankanyoza ayi. "Koma nthawi yake sinakwane. Ngakhale tikumane, awiri ali paulendo, anayi sitikwana. Tikadakwananso, ife timangopereka maganizo. Tinapereka kale, ali kwanuko."

"Ndiye tisinthe malamulowo!"

"Msonkhano wapachaka, alamu. Munalemba bwino kwambiri, palibe pobowola."

Aka kanali koyamba kuti munthu ayamikire ntchito ya a Mlembi, ndipo kanawapweteka koopsa.

Alamu anakwera padenga okha ndi pulasitiki ndi njerwa, ngati wachibale chabe, koma mphepo inaiulutsa. A Mlembi anafukula lipoti lija, lonyowa m'mphepete, n'kuthamangira nalo kwa wapampando wa komiti yayikulu. Iye anati adzalikambirana akadzakumana mwezi wamawa, monga mwa dongosolo.

Pobwerera anakumana ndi akazi awo pamasitepe, atanyamula pilo ndi chikwama cha zovala.

"Ndikukagona kwa achimwene mpaka denga litakonzedwa," anatero. "Mukandifuna, mulembe. Mudzere kwa mlembi."

A Mlembi anakwera okha, nakakhuthula ndowa ija, imene inali itadzazanso.