Ndazimitsa, Alamu

Babu uja ndinaswa ndine, ndi mtengo wa tsache, m'mawa wa Lachiwiri dzuwa lili phwee. Ndinkachotsa kangaude kudenga, koma kunena zoona ndinkasesa ndi mkwiyo. Mphasa ya alamu anga inali idakali pakati pa chipinda chochezera, ndipo unali mwezi wachisanu ndikuilambalala m'nyumba yanga yomwe.

Alamuwo anali akulu awo a amuna anga. Anathawa nkhondo ku Tete n'kutipeza kulokeshoni ya Mufakose atanyamula thumba limodzi, muli nyundo, sizasi yodulira malata ndi pulayazi. Chitupa analibe, choncho samayenda patali kuopa apolisi. Ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumakhoma zidebe ndi mbaula, amayi a mumzere wathu n'kumagula. Amati mlendo ndi mame, koma ine ndinkaona kuti mame awa dzuwa likuwalephera. Ndinali nditakhala m'tauni zaka zinayi zokha kuchokera kwathu ku Chipata, koma ndi matama anga ndinkachita ngati magetsi ndinabadwa nawo.

Galasi linamwazika pansi. Kudenga kunatsala kachitsulo ka babu kali kakakaa mu soketi, m'mphepete muli mano a galasi, pakati patatuluka timawaya tiwiri. Alamu atamva phokoso analowa akupukuta manja.

"Mwavulala, mlamu?"

"Ayi. Bambo akabwerako kufakitale adzakonza."

"Aa, musawavutitse, abwera atatopa. Kameneka n'kosavuta. Ndinagwirapo ntchito kudamu ku Songo, ndinkawaona amagetsi. Koma choyamba pitani mukazimitse pa meni."

Pa meni. Mawuwo ndinali nditawamvapo kwa amuna anga, ndipo bokosi lakuda lomwe linali pamwamba kuseri kwa chitseko cha kukhitchini ndinkaliona tsiku ndi tsiku, koma sindinaligwirepo ndipo sindinkadziwa kuti meniyo ndi imeneyo. Kufunsa kunali kwapafupi. Koma ine, mayi wa m'tauni, ndifunse munthu wogona pamphasa yanga? Alamu atatuluka kukatenga pulayazi, ndinapita pa swichi ya pakhoma, ija ya tsiku lililonse, n'kuidina kamodzi. Thapu.

Mpaka lero kamvekedwe kameneko ndimakamva. Unali usana, nyali inali yozimitsa kale. Podina paja sindinazimitse kanthu, ndinayatsa. Ndipo babu wosweka sakuuza kuti moto wafika.

"Mwazimitsa?" anafunsa atakwera pampando.

"Ndazimitsa, alamu."

"Pa meni penipeni?"

"Kodi nyumba ino ndi yanu kapena yanga? Ndati ndazimitsa."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodya zamwini, n'kukweza dzanja. Pulayazi yawo inali ya osula, chitsulo chokhachokha chopanda mphira kuzigwiriro. Itangokhudza timawaya tija kunamveka phaa, kuwala kwabuluu kunang'anima, alamu n'kugwa chagada pamodzi ndi mpando. Anagwera dzanja lamanja pasimenti. M'nyumba munanunkha chitsulo chopserera.

Ndinakuwa, koma iwo ananditseka pakamwa ndi mawu amodzi: "Chete, mudzaitana anthu." Chikhatho chinali chitapsa, ndipo pamfundo ya dzanja panayamba kutupa ndikuona. Ndinati tipite kukiliniki. Anapukusa mutu. Kumeneko akafunsa chitupa, akafunsanso kumene amagona, ndiye tikanalongosola bwanji, poti m'nyumba ya kanselo simunkaloledwa kusunga mlendo wosalembetsa? Ndinawathira madzi ozizira pachikhathopo kwa nthawi yaitali, n'kumanga dzanjalo ndi timatabwa tiwiri ndi chidutswa cha chitenje.

Atapuma anayang'ana pakhoma, nayang'ana ine. Swichi inali yogwetsa pansi, mmene imakhalira nyali ikamayaka. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero.

"Mlamu," anatero, "tiyeni mundionetse meni ya nyumba yanu."

Sindinadziwe kowalozera. Anadzuka okha, dzanja ali chigwirire, n'kunditsogolera kukhitchini kwanga komwe. Analoza bokosi lija ndi chibwano.

"Kokerani pansi chogwirira chachikulucho. Fiyuzi yapsa kale, koma musamakhulupirire zimenezo. Swichi ya pakhoma musamaikhulupirirenso, ngakhale itazimadi, poti simudziwa mmene anailumikizira. Tsopano yatsani nyali ya kuchipinda, muyesenso mbaula yamagetsiyo."

Zonse zinali zii.

"Eya. Tsopano nyumba yafa. Kachitsuloko muchotsa ndinu, ana asanabwere kusukulu."

Ananditumiza kwa aneba kukabwereka pulayazi ya zigwiriro zamphira, ndipo ndinanama kuti ndi yokonzera wailesi. Anandiuza ndivale nsapato zouma, ndikwere patebulo m'malo mwa mpando wogwedera uja, ndiime chapambali kuti tizidutswa ta galasi tisandigwere m'maso. Dzanja lamanzere, nditalikulunga nsalu yokhuthala, linagwira soketi kuti isalendewere. Ndi pulayazi ndinatsina m'mphepete mwa kachitsulo kaja.

"Musakoke," anatero ali pansi. "Mababu athuwa alibe mazinga. Ali ndi timinga tiwiri m'mbali tokola m'timipata. Kankhirani m'mwamba pang'ono, mupotokolere kumanzere, katsika kokha."

Ndinakankha, ndinapotokola, kachitsulo n'kutsika mosavuta ngati chivindikiro cha botolo. Ntchito yonse sinakwane mphindi imodzi. Ndinayang'ana kanthu kaja m'dzanja langa, misozi n'kuyamba kutsika, chifukwa ndinaona kuchepa kwa chimene ndinapundulira munthu. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma ine amene sindinafunse ndinatsika patebulo ndili bwinobwino, phula langa anadya ndi wina.

Madzulo amuna anga anabwera, naona dzanja lomanga, naona fiyuzi yakupsa. Ndinatsegula pakamwa, koma alamu anandiyambirira.

"Ndine, mng'ono wanga. Ndinaiwala kuzimitsa pa meni."

Amuna anga anali munthu wamantha ndi za kanselo, ndipo mantha awo ankatuluka ngati ukali. Anawakalipira akulu awo ana akumva. Anati zinthu za m'tauni si za kumudzi, anati mukanatiotchera nyumba, anati munthu ngati sudziwa kanthu uzifunsa. Mawu omalizawo anandilasa ine, koma ndinangoweramira mbale zomwe ndinkatsuka. Alamu ankangoti, "Ndamva, ndalakwa." Kenaka amuna anga analowetsa waya watsopano mu fiyuzi, naika babu wina, nyali n'kuyaka. Sindinafunepo mdima ngati tsiku limenelo.

Dzanja linapola mokhota. Zala ziwiri sizinkapindikanso bwino, ndipo nyundo inkawapulumuka. Kukhoma kuseri kwa nyumba kunatha, kuja ndinkadandaula kuti kukundiboola m'makutu. Anayamba kugulitsa tomato pageti, ndalama akulandira ndi lamanzere. Mphasa yawo ndinkaipinda ndekha m'mawa uliwonse, ndipo nyama yabwino ndinkaika m'mbale yawo, ngati kuti chiwindi cha nkhuku chingalipire dzanja la mmisiri.

Nkhondo ya ufulu ya dziko lino itatha anapeza mapepala, nasamukira kulokeshoni ya Mbare. Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza pa basi, ndipo ndinalimba mtima.

"Alamu, ndiwauza bambo zoona zake."

"Mukawauza dzanja liwongoka?" anatero akumwetulira. "Musiyeni mng'ono wanga azikhala ndi mkazi wodziwa magetsi."

Anatulutsa pulayazi yachitsulo ija m'thumba, ili ndi chipsera chakuda kukamwa kwake, n'kundipatsa. Anati kwa iwo ilibenso ntchito.

Amuna anga anamwalira osadziwa. Alamu ndiwo anatsogola ndi zaka zingapo, ndipo pamaliro awo amuna anga anafotokozera anthu nkhani ya babu ija moseka, kuti akulu awo anali munthu wabwino koma wosamva za magetsi. Anthu anaseka. Ine ndinali pomwepo, pamphasa ya azimayi, ndipo ndinakhalanso chete.