Kope la Masamu la Achimwene

Kwathu, kuseri kwa Nguludi, kunali kope la masamu lomwe linkasamalidwa kuposa ena a ife ana a m'nyumbamo. Linali la achimwene anga aakulu. Iwo ali Folomu 4, sukulu yathu inali ndi pepala limodzi lokha la mayeso akale a chaka chilichonse, ndipo aphunzitsi ankalitsekera m'kabati ngati Ukalistia. Wofuna mafunso ankalowa mu ofesi n'kukopera pamanja, aphunzitsiwo ali chiimire pambali akuyang'ana wotchi. Achimwene anakopera mapepala a zaka zinayi, ndi zilembo zokongola zedi. Koma chilichonse chopanda nambala kutsogolo anachidumpha, poti inki ya bolopeni si madzi a pachitsime. M'kopemo mafunso anangondandalikana kuyambira loyamba mpaka la 12, popanda mutu kapena langizo.

Achimwene analephera masamu n'kuyamba kabaza. Kope linapita kwa asuweni athu awiri, nawonso analephera, ndipo linabwerako litakutidwa bwino ndi pulasitiki. Palibe analikayikira. Amayi ankati vuto ndi magazi a kwa abambo, abambo ankati kwawo anthu amawerenga mbuzi osaphonya, ndiye nkhaniyo ifufuzidwe kuchikazi.

Kenako linafika kwa ine, amene ndinkafuna unamwino moti ndinkaimirira pamsewu kungoonerera anamwino akuweruka. Kusukulu ya unamwino ankafuna kirediti ya masamu. Ndinaliloweza kopelo. Tsiku la mayeso woyang'anira anawerenga zolembedwa pachikuto m'Chingerezi chothamanga, ine n'kumazimva ngati zolengeza za pakutha pa Misa, maso ali pawotchi. Atangoti yambani, ndinafwanthula chikuto n'kuyamba kusaka manambala. Ndinapalasa mafunso onse 12, apa pang'ono apo pang'ono, osamaliza ngakhale theka. Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena ndinakhoza, masamu ndinagwa. Abambo anandilola kubwereza, koma anachita kunena pamaso pa anthu kuti ulendo uno ndi womaliza, ndikalepheranso munda wa nandolo ukundidikira.

Kusukulu ya masana, kumene timaphunzira ife obwereza, kunabwera mphunzitsi watsopano, mayi wamfupi wosadziwa kuti kabati imaopedwa. Sabata yake yachiwiri anatulutsa mapepala aja n'kutigawira m'magulu. Ine ndinali ndisanaligwirepo pepala lenileni kunja kwa chipinda cha mayeso. Ndinatsegula msanga kuti ndiyambe funso loyamba.

"Tsekani," anatero amadamu. "Lero sitiwerengetsa kanthu. Tiwerenga chikuto."

Ndinapsa mtima. Ndayenda wapansi ola lathunthu, dzuwa lili pamutu, kudzawerenga chikuto? Ndinanong'oneza mnzanga kuti boma latitumizira mphunzitsi wa Chingerezi molakwitsa. Amadamu anandimva.

"Iwe wodziwa masamuwe, ima. Pepalali lili ndi mafunso angati?"

"Thwelofu, madamu."

"Uyankha angati?"

"Onse, Mulungu akalola."

"Mulungu musiyeni kaye. Werenga mzere uwo, mokweza, kenako utiuze m'Chinyanja."

Ndinawerenga. Pepalalo linali ndi magawo awiri. Gawo A, mafunso asanu ndi limodzi, oyankha onse, malikisi 55. Gawo B, mafunso enanso asanu ndi limodzi, koma osankhapo atatu okha, lililonse malikisi 15. Langizolo analibwerezanso pamwamba pa gawo lililonse, m'zilembo zakuda bii. Chaka chathacho ndinalidutsa kawiri konse osalipatsa moni.

"Nanga munthu akayankha onse, sawonjezera kanthu?" anafunsa bambo wina wachikulire amene ankabwereza nafe.

"Amawonjezera thukuta," anayankha amadamu. "Owerengedwa ndi atatu basi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Masiku otsatirawo tinayala mapepala a zaka zosiyanasiyana pabenchi n'kumalemba mitu imene inkabwera m'Gawo B. Amadamu anatichenjeza kuti mutu sukhala ndi nambala yake: galafu imene chaka china ili pa funso 8, chaka chinacho ukaipeza pa 11, mwinanso osaipeza. Anatinso funso la m'gawoli limabwera ndi nthambi, ndipo nthambi yoyamba ikhoza kukusekerera yachiwiri n'kukuluma, choncho usanalisankhe uliwerenge mpaka pansi. Nthawi tinaigawa potsata malikisi. Pa maola awiri ndi theka, funso la malikisi 15 linkayenera mphindi makumi awiri ndi pang'ono, ndipo Gawo A, lomwe silithawika, linkatenga nthawi yoposa ola.

Ine ndinasankha magalafu, chifukwa dzanja langa limamvera rula. Ndinatenganso mafunso a ziwerengero zoika m'matebulo, ndi a manambala otsatana mwa ndondomeko. Ndinasungira pambali mutu wachinayi, wa mwayi wa zinthu, kuti mwina wina mwa atatuwo akabwere atakwiya. Zotsimikizira ngodya za m'mabwalo ndinangophunzira zokwanira kupulumuka nazo zikatulukira m'Gawo A, koma m'Gawo B ndinalumbira kuti tikakumana tidzangodutsana ngati apongozi panjira.

Kunyumba sindinanene kanthu. Achimwene ankabwera madzulo atatopa ndi zitunda, n'kundifunsa kuti kope likuthandiza, ine n'kumati likuthandiza.

Tsiku la mayeso ndinawerenga chikuto ngati kalata ya chibwenzi. Ndinamaliza Gawo A, n'kuwerenga mafunso onse a Gawo B ndisanalembe kanthu. Funso la manambala otsatana linabwera litakwatiwa ndi ngodya zija, ndiye ndinalisiya n'kutenga mutu wanga wachinayi. Ndinatuluka nditayankha mafunso asanu ndi anayi, koma mtima unkandiuzabe kuti ndaba.

Kirediti ndinaipeza, ndipo abambo anauza aliyense kuti magazi a kwawo ayamba kugwira ntchito. Koma amene anasangalala kuposa onse ndi achimwene. Pasiteji ya kabaza anthu anatopa nayo nkhani ya kope. Aliyense wokwera njinga yawo ankamva kuti kope lija labala tsopano, linkangodikira mutu woyenera. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akulonjeza mayi wina kuti alibwereketsa kwa mwana wake. Apo m'pamene lilime langa linandipitirira. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga pepala lomwe amadamu anandibwereka, n'kuliponya pamiyendo pawo.

"Achimwene, musaphe mwana wa eni. Kope lanulo ndi limene latimaliza tonse. Tawerengani apa pamene munadumphapa."

Mayi uja anatsanzika msanga. Achimwene anawerenga mzerewo akuulondola ndi chala, n'kuubwerezanso. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Atatu okha?"

"Eya, atatu."

"Kuphatikiza sikisi a kutsogolowa."

"Naini onse pamodzi."

Maso awo anabwerera papepala. Manyazi anandigwira, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene ndinaliponyera pepalalo mtima umandiwawa.

"Ukudziwa, chemwali," anatero achimwene motsitsa mawu, "ine ndikamadziyesa kuno kunyumba, nthawi inkandithera nditamaliza naini. Onse okhoza. Ndiye ndinkati ndine wochedwa. Tsiku la mayeso ndinati lero lokha ndithamange, ndifike pa thwelofu."