Nyumba ya Kampani Imene Ndinaikana

Ntchito ija ndinamupezera ndine. Ndiyambe ndi pamenepa, chifukwa anthu akamamuyamikira masiku ano amadumpha mbali imeneyi. Tinkaimba limodzi mukwaya ya ku tchalitchi, iye ali ndi mapasa oyamwa komanso mwamuna wosoka nsapato, ine ndili kalaliki pa kampani ina yogula ndi kupuntha thonje kunja kwa tauni ya Chipata. Kampaniyo itafuna kalaliki wachiwiri wa pa sikelo, ndinamunong'oneza tikuchokera ku mapemphero, ndipo siketi imene anavala pa tsiku lokayesedwa inali yanga. Tonse tinkangomutchula kuti amake mapasa, iye nʼkumandiitana kuti asisi.

Mʼyadi mwa kampani, kuseri kwa mashedi, munali nyumba zitatu za antchito. Mdala wina wosunga sitolo atapuma pa ntchito, ya pakati inatsala yopanda munthu. Poti ndinali wakale, anayamba kuitana ine ku ofesi ya malipiro kuti andifunse ngati ndikuifuna.

Bambo a mʼofesimo anali munthu wolankhula mosathamanga, wokonda kupukuta magalasi awo ndi tayi. Anandikhazika pansi nʼkundifotokozera kuti malipiro anga ali ndi miyendo inayi: besiki, yomwe ndi malipiro enieni a ntchito, kenako alawansi ya nyumba, ya mayendedwe ndi ya chakudya cha masana.

"Mukalowa mʼnyumba muja, amayi, ya nyumba ichoka," anatero. "Ya mayendedwe nayo ichoka, pakuti pa ntchito mpa khomo pomwepo. Ya chakudya muli nayo ufulu: kudya ku khichini ya kampani, kapena kulandira ndalama."

"Manje nditsala ndi chiyani?"

"Besiki chabe. Koma mvetsani. Alawansi iliyonse yobwera ngati ndalama timaiphatikiza ndi besiki, ndiye msonkho umadulidwa pa mulu wonsewo. Nyumba imene kampani yakupatsani kuti mugonemo, inu simuilipirira msonkho. Mbale ya ku khichini chimodzimodzi."

Ndinawafunsa za ndalama zimene ankatipatsa tikapita kumidzi nthawi yogula thonje, zija sankadula kanthu. Anati zimenezo nzina: nzobwezera zimene wawononga pa ulendo wa ntchito, malo ogona ndi zakudya, choncho si malipiro, zilibe msonkho ndipo sizilowa ku penshoni. Ambiri pa yadipo ankaganiza kuti chilichonse chotchedwa alawansi chimayenda choncho, ndipo ankakwiya mwezi ndi mwezi poona kuti si momwemo.

"Nanga penshoni?" ndinafunsa.

"Apo ndiye pali phindu lanu mukatenga ndalama. Ya dziko lonse ija, imene tonse timasonkha, imawerengera zonse zimene mwalandira mʼmanja, maalawansi omwe. Mukasonkha zambiri, nayonso kampani ikuikirani zambiri. Nyumba ndi mbale sizilowako."

Pa yadi pathu panali chizolowezi. Munthu ankalemekezedwa ndi nambala ya pamwamba pa kapepala ka malipiro, ija ya zonse pamodzi asanadule. Ya pansi, yolowa mʼthumba, palibe ankaitchula. Madalaivala ankaseka aliyense wolowa mʼnyumba za kampani kuti wabwerera pa malipiro a mlonda. Mwamuna wanga naye, nditamuuza madzulo, sanayembekeze nʼkomwe kuti ndimalize.

"Khoma udzadya? Tenga ndalama. Ndipo ine sindingakhale pamene bwana wa mkazi wanga azindiona ndikusamba mʼmaso."

Inenso sindinkafuna kuchoka ku Kapata, kumene msika unali pafupi ndipo anthu ankandidziwa. Ndinakana. Mlungu womwewo amake mapasa analongedza mphasa ndi mabeseni awo pa ngolo nʼkulowa.

Nsanje sinayambe tsiku lomwelo. Miyezi yoyamba ndinkamumvera chisoni ndithu, nambala yake ya pamwamba itafota ngati masamba a maungu pa dzuwa. Nsanjeyo inayamba mʼmawa wina wa mvula. Ndinafika nditakwera njinga yonyamula anthu, matope mpaka mʼmawondo, wanjinga atandiwonjezera mtengo chifukwa cha msewu woterera. Iye anatulukira kuseri kwa shedi atavala patapata, kapu ya tiyi ili mʼmanja, chitenje chouma bwinobwino.

"Asisi, mwanyowa! Bwerani mukasinthe kwathu."

Kwathu. Mawu amenewo sanandichoke mʼmutu tsiku lonse.

Kuchokera pamenepo maso anga anasanduka a mlonda. Ndinaona kuti mango a pa khomo lake anali aakulu aja opanda ulusi. Ndinaona bedi la repu kuseri, kenako khola la nkhuku, kenako tebulo la mwamuna wake pa geti, madalaivala omwe ankamuseka aja akumusiyira nsapato. Masana iye ankadya ku khichini nʼkukhuta. Ine ndinali nditasankha ndalama ya chakudya, imene inkafika itadulidwa kale msonkho nʼkuthera mʼsabata yachiwiri pa sopo ndi makala, masiku otsalawo ndikumatafuna chinangwa chootcha kuseri kwa sikelo kuti asandione.

Bambo a malipiro aja, tsiku lina pocheza, anandiuza kuti munthu wa besiki yokha ngati yathuyo msonkho umangomukhudza pangʼono, pakuti gawo loyamba la malipiro silidulidwa, ndipo chodulidwa kwambiri nchimene chakwera pamwamba pake. Ndinazindikira kuti chokwera pamwambacho, kwa ine, chinali maalawansi anga atatu aja. Ndinkalipira msonkho pa ndalama ya nyumba, yotsalayo nʼkuipereka kwa alandilodi, nʼkuwonjezerapo ina ya mʼbesiki chifukwa sinkakwana. Alandilodi anga anali ndi mphuno yonunkhiza malipiro. Kampani ikangotiwonjezera, iwo ali pa khomo kudzandiuza kuti simenti yakwera.

Ndinkadana nako kuseka kwake. Ku kwaya ndinasiya kuima pafupi naye, ndikunamizira kuti mawu ake amandisokoneza. Atandibweretsera mazira mʼkambale, ndinathokoza ndi mano okha, ndipo kunyumba ndinauza ana kuti ndagula. Choipa nʼchakuti sanandilakwire kalikonse. Ndinafunafuna ndithu, koma sindinapeze.

Ndinapita kwa bambo a malipiro kukafunsa ngati ndingasinthe maganizo. Anapukuta magalasi awo nʼkupukusa mutu. Nyumba zonse zinali ndi anthu, ndipo palibe amene ankaoneka kuti apuma msanga.

Chonditonthoza chinali chimodzi, ndipo ndinkachibwereza ngati pemphero pa njinga popita ndi pobwera. Nyumbayo si yake. Tsiku limene ntchito idzathe adzatuluka ndi mabeseni ake aja, pamene ine penshoni yanga ikukula mwezi uliwonse kuposa yake. Ndinkaliona tsikulo mʼmaganizo: iye ataima pa geti ndi mapasa ake, ine ndikumuuza mokoma mtima kuti angathe kugona pa balaza pathu mpaka atapeza pokhala. Chimene ndinkalakalaka nʼchakuti tsiku lina adzandifunenso, monga mmene anandifunira pa siketi ija.

Zaka zinapita, mapasa anayamba sukulu nʼkufika makalasi a pamwamba. Thonje linayamba kuchepa, alimi ambiri atatembenukira ku soya ndi mpendadzuwa. Kenako anatisonkhanitsa mʼshedi nʼkutiuza kuti nthambi yathu ikutsekedwa.

Ku ofesi ya malipiro ndinalowa ndili ndi chiyembekezo kuti pano ndiye nambala yanga ya pamwamba ilankhula. Bambo aja, tsitsi litayera tsopano, anandiuza kuti ndalama ya kutha kwa ntchito imawerengedwa pa besiki ndi zaka zimene munthu wagwira. Maalawansi salowamo.

"Si munati amalowa ku penshoni?"

"Ku penshoni ya dziko, inde, ndipo kumeneko muli patsogolo. Mudzaiona mukafika zaka zopumira. Iyi ndi ina."

Besiki yathu inali yofanana. Zaka zanga zowonjezera zinandikweza pangʼono chabe, ndipo pangʼonopo panathera kwa alandilodi ndi ku sukulu ya ana.

A mʼnyumba za kampani anawapatsa nthawi yochepa yoti asamuke. Loweruka losamukalo ndinavala bwino nʼkupita kukathandiza. Ndinapeza lole yaingʼono ili pa khomo, nkhuku zili mʼmadengu. Ndikumanga mtolo wa zovala, ndinanena mawu anga aja amene ndinawasunga zaka zonsezi.

"Amake mapasa, ngati simunapeze malo, pa balaza pathu mungagone. Musachite manyazi."

Anandigwira dzanja, maso ake atalengeza misozi. "Asisi, inu ndinu mayi anga. Koma kwerani, tiyeni mukaone."

Lole inadutsa mʼtauni nʼkulowera ku Nabvutika, kumapeto kumene kuli mapuloti atsopano. Inaima pa nyumba ya mabuloko, yosapaka pulasitala, mawindo ena otseka ndi malata. Koma inali ndi denga, chitseko chachitsulo, ndi kamtengo ka mango kotchingidwa ndi minga. Anati ankagula mabuloko pangʼonopangʼono mwezi uliwonse, ndi ndalama imene akanapereka ya lendi ndi ya njinga, ndipo sanauze munthu poopa kusekedwa ikalephereka.

Ndinanyamula beseni limodzi nʼkulowa nalo. Ndinayamikira chipinda chilichonse. Ndinafunsanso mtengo wa malata, ngati munthu amene akuganiza zomanga. Tiyi amene anandipatsa sindinamumve kukoma.

Potuluka anandizungulitsa kuseri, kumene kunali zipinda ziwiri zokhala ndi khomo lakelake.

"Izi nʼzochititsa lendi," anatero. "Koma ndikuopa anthu osawadziwa. Inu mukazifuna, asisi, ndingakutsitsireni."

Ndinaseka, nʼkumuuza kuti ku Kapata tili bwino. Patapita miyezi ingapo alandilodi anagulitsa nyumba yawo, mwini watsopano nʼkutipatsa notisi.

Masiku ano ndimagwira ntchito pa sitolo ya mbewu ndi feteleza mʼtauni. Pa kapepala kanga pali besiki, ya nyumba, ya mayendedwe ndi ya chakudya, ndipo mtsikana wa malipiro atafuna kundifotokozera ndinamuuza kuti asavutike. Penshoni yanga ikukulabe kuposa yake, ndipo ndimadzikumbutsa zimenezo ndikamachapa pa khomo la zipinda zakuseri zija, mmene tikukhala tsopano. Mwezi ukatha ndimazungulira nyumba, ndimadutsa pa mango aja amene ayamba kubereka, ndimagogoda pa chitseko chachitsulo nʼkupereka alawansi yanga ya nyumba, yodulidwa kale msonkho. Iye amalandira ndi manja awiri, atapinda bondo, ndipo amanditchulabe kuti asisi.